Nsidze zinatsala pa Jenda

Moto uli ngati mphika wa pa mafuwa atatu: ukachotsa fuwa limodzi, nsima yatayika. Umafuna kutentha, umafuna chakudya chake, kaya nkhuni, udzu kapena mafuta, komanso umafuna mpweya wa okosijeni. Aphunzitsi amajambula zitatuzi pa bolodi, ana n'kukhoza mayeso. Koma moto ukabuka, ophunzira ndi osaphunzira omwe amakuwa mawu amodzi: madzi!

Pa Jenda, pomwe basi zimaima kuti anthu agule tomato ndi anyezi, mnyamata wina wokazinga tchipisi anasonkhezera kwambiri, maso ali pa atsikana a m'basi. Mafuta m'chiwaya anayamba kufuka utsi, kenako lawi. Bambo wina wovala jekete lachikopa, wongobwera kumene kuchokera ku Joni, anati, "Patukani, izi timazidziwa ife!" Anatola kapu ya madzi n'kukhuthulira m'chiwaya. Moto unalumpha kupitirira denga la benchi, ndipo bamboyo anabwerera m'basi wopanda nsidze.

Madzi sanalakwe. Amawira pa madigiri 100, pamene mafuta oyaka amakhala atadutsa 300. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, choncho amamira pansi, n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo. Nthunziyo imafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madzi aja, ndiye imaponya mafuta oyaka m'mwamba ngati timadontho, ndipo kadontho kalikonse kamapeza mpweya wakewake. Bamboyo ankati akuchotsa kutentha, chonsecho ankagawira moto mpweya.

Anapulumutsa bizinesi ndi mayi wogulitsa anyezi. Anavundikira chiwaya ndi lata, n'kusolola nkhuni pansi pake. Mpweya umene timapuma uli ndi magawo 21 pa 100 a okosijeni, ndipo akatsika kufika cha m'ma 15 lawi limafa. Mnyamata uja atatambasula dzanja kuti asuzumire, mayi anamumenya ndi chikho.

"Dada, mukufuna kupatsa moni ndani m'menemo?"

Ankanena zoona. Mafuta amakhala akadali otentha, ndipo ukavundukula msanga mpweya umalowa, moto n'kudzukanso. Chivundikiro chimachotsedwa chiwaya chikazizira.

*

Katswiri weniweni wa nkhaniyi ndi wootcha makala, ngakhale a zankhalango sangamupatse satifiketi. Amaunjika mitengo, kuifunditsa udzu ndi dothi, n'kusiya timabowo tochepa. Mpweya umalowa wongokwanira kuti nkhuni zipse pang'onopang'ono osayaka lawi. Wina wa cha ku Luwawa anasiya uvuni wake n'kupita ku mowa wa masese. Usiku dothi linagumuka mbali imodzi, mphepo ya m'mapiri n'kulowa. Akanakhalapo akanaona lawi pa mng'alu n'kumatapo dothi. M'mawa anabwera ndi matumba khumi, n'kupeza phulusa.

Mkazi wake sanakalipe. Anangoti, "Bambo, chidulo ndiye tapeza cha chaka chonse. Therere mukagula ndi chiyani?"

*

Ku nkhalango ya paini ya Chikangawa, moto wa mu Seputembala ndi Okutobala suzimitsidwa ndi ndowa. Amalambuliratu mizere yopanda udzu, kuti moto ukafika pamenepo usowe chodya. Nthawi zina amatentheratu udzu mvula ikangotha kumene, usanaumitsitse, moto ukadali waulesi. Mzerewo uli ndi malire ake: kukakhala mphepo, zothetheka zimaudumpha, n'chifukwa chake anthu amaima tsidya lina ndi nthambi zaziwisi.

Mdala wina wa ku Embangweni anamva nzeruyi, ndipo analimira bwinobwino kuzungulira nkhokwe yake, poyera mpaka pooneka nyerere. Udzu wonse umene anapala anauunjika mwaukhondo pansi pa nkhokwe yomweyo, ati ndi wa ng'ombe. Anyamata osaka mbewa atayatsa tchire, kamoto kamodzi kanauluka. Mudzi wonse unadya mbuliwuli masiku atatu.

*

Madzi ali ndi pake. Pa nkhuni, udzu, nsalu ndi mapepala palibe chowaposa, chifukwa akamasanduka nthunzi amachoka ndi kutentha. Muzingothira pa chimene chikupsacho, osati pa nsonga ya lawi, ndipo mufukule phulusa, poti chitsa chimatha kusunga moto mpaka mawa. Pa mawaya a magetsi, yambani mwazimitsa pa switchi yaikulu, ngati magetsiwo anayaka n'komwe tsiku limenelo.

Pa boma, wa kabaza wina ankathira petulo wa m'chigubu, mnzake ali pambali ndi ndudu pakamwa. Moto utagwira pansi, anathirapo ndowa ya madzi. Petulo amayandama pa madzi, ndiye motowo unakwera madziwo ulendo wa m'ngalande, mwini njinga akuuthamangira pambuyo uku akuufunsa komwe ukupita. Unaima pomwe amisiri omanga anauwaza mafosholo angapo a mchenga.

Inu ogulitsa petulo m'mabotolo, ndowa imene ili pakhomopo ikhale ya mchenga wouma.