Nyimbo Zodzutsira Munthu Woopa Lolemba

Nyimbo yodzutsira ndi nyimbo imene munthu amaitchera pa foni Lamulungu usiku kuti imutulutse m'bulangete Lolemba m'mamawa popanda kumudula mtima. Ku Mzimba imafunika kwambiri mu Juni ndi Julaye, pamene chisanu cha ku mapiri a Viphya chimalowera kunsi kwa chitseko, makamaka Lolemba lachitatu la mwezi, malipiro atatha koma mwezi ukadalipo. Amene waifufuza mozama nkhaniyi ndi mlembi wa danga lino, kalaliki wamba wa pa Boma, yemwe wachedwa ku ntchito kokwanira kumutcha katswiri.

Gwero la vutoli ndi lakuti thupi ndi mutu sizidzukira limodzi. Maso akatseguka, ubongo umatsalira m'tulo kwa mphindi 15 mpaka 30, nthawi zina kuposerapo, ndipo m'pamene munthu amavala malaya chagada kapena kupereka moni kwa mbuzi. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya RMIT ku Australia anafunsa anthu 50 za mmene amadzukira. Amene ankadzutsidwa ndi nyimbo yoti munthu n'kuing'ung'udza ananena kuti mutu umayera msanga kusiyana ndi amene ankadzutsidwa ndi kulira kwa ti-ti-ti. Za ngongole ya ku banki mkhonde akatswiriwo sanafunse, pomwe kwa mlembi ndiyo imalemeretsa bulangete.

Liwiro la nyimbo limayezedwa ndi chala. Munthu amagogoda patebulo motsatira nyimboyo kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo m'tulo umatsika. Lamulo la mlembi ndi lakuti nyimbo yoyamba ikhale cha m'ma 70, pafupi ndi pamene mtima uli, ndipo yachiwiri ifike cha m'ma 100. Yotsika kuposa apa ndi yogonetsera mwana. Yokwera kwambiri imadzutsa munthu ngati wamva kuti ng'ombe zathyola khola.

Gulu loyamba limene anthu a kuno amathamangira ndi sumu za kutchalitchi, ndipo chifukwa chake chilipo. Kuyambira mu 1902, m'busa Donald Fraser ali pa mishoni ya Loudon ku Embangweni, ankalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a makolo awo, mpaka kuchititsa mipikisano. Anthu onga Mawelera Tembo anapeka nyimbo zimene zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu. Zambiri zimayamba ndi mawu a munthu mmodzi, ena n'kuvomera, motero phokoso limakula pang'onopang'ono monga mmene wogona amafunira.

Choopsa chake n'chakuti sumu zomwezo ndi zimene amachezera nazo pasiwa. Lolemba lina la mu Julaye mlembi anatsegula maso mumdima, mapazi ali zii, bulangete litaphimba nkhope, kwaya ikuimba chapansipansi kumutu kwake. Anaphatikiza zonsezi n'kupeza yankho limodzi: wamwalira. Chochititsa manyazi n'chakuti anasangalala. Anaganiza za mafayilo amene anawasiya patebulo Lachisanu, za abwana, za mwini nyumba, ndipo anaona kuti zonsezo tsopano ndi za otsala. Anapinda manja pachifuwa mwaulemu, kudikira kuti amve amene alankhule m'malo mwa akuntchito. Mawu amene anabwera anali a mayi a kunyumba: "Adada, madzi akuzizira, ndipo makala atha." Anauka kwa akufa 6 koloko itadutsa, n'kukasamba madzi ozizira.

Ingoma ndi yabwino pa malo ake, ku phiri la Hora mu Ogasiti, pa mwambo wa Umthetho, pamene amuna onyamula zishango amaponda nthaka mpaka fumbi koboo. M'chipinda cha malata imadzutsa msilikali, ndipo msilikali wodzuka 5 koloko alibe womenyana naye kupatula udzudzu. Vimbuza, zimene bungwe la UNESCO linazilemekeza mu 2005, ndi ng'oma zochizira odwala. Mlembi anaziyesa kamodzi, ndipo dzuwa lisanatuluke anansi awiri anali pakhonde kufunsa kuti matendawo anayamba liti.

Zoyenera kwambiri ndi nyimbo za gitala ndi mawu ofatsa, monga zina za malemu Wambali Mkandawire, yemwe anatisiya mu Januwale 2021. Kasipika ka foni n'kakang'ono, sikatulutsa mawu a besi, choncho nyimbo yodalira ng'oma yaikulu imamveka ngati chitini chikugubuduka, pomwe mawu a munthu ndi gitala zimatuluka bwinobwino. Koma apa ndi pamene pali msampha waukulu pa nkhani yonseyi. Nyimbo ikaimbidwa Lolemba lililonse, mutu umaimangirira pamodzi ndi Lolembalo, monga mmene agalu a Pavlov, katswiri wa ku Russia, ankachuchira malovu akamva chizindikiro chimene chinkatsogolera chakudya. Mlembi anadzukira nyimbo imodzi ya Wambali masabata asanu ndi limodzi. Loweruka lina ali mu minibasi yopita ku Jenda kukagula mbatatesi ndi anyezi, woyendetsa anatsegula wailesi, nyimbo n'kukhala yomweyo. Mlembi anadzambatuka, kugunda mutu kudenga, n'kuyamba kufufuza tayi pansi pa mpando, pakati pa miyendo ya agogo ena onyamula nkhuku. Kuyambira pamenepo nyimboyo akaimva m'mimba mumatentha. Chotero nyimbo yodzutsira imasinthidwa pakatha milungu itatu kapena inayi, ndipo ya paukwati wa munthu siiyenera kuyandikira alamu, pokhapokha ngati banjalo latopetsa kale.

Katcheredwe kamene kamuthandiza mlembi ndi aka. Foni yake imatcheredwa 5:10 ndi nyimbo yofatsa, mawu ali pakatikati, ili pampando pafupi ndi bedi. Ya mayi a kunyumba imatcheredwa 5:25 ndi nyimbo yachangu, n'kuikidwa m'mbale yachitsulo pafupi ndi chitseko. Mbaleyo imakuza mawu, ndipo mtunda wa mapazi anayi umakakamiza munthu kuponda simenti yozizira, imene sinalepherepo kudzutsa aliyense. Mphindi 15 za pakatizo ndi zodandaula, ndipo n'zololedwa. Choletsedwa ndi batani lolembedwa Snooze, limene limabwereketsa tulo ta mphindi zisanu kapena khumi pa chiwongoladzanja cha katapila.

Zolepheretsa zimadziwika. Magetsi akazima Lamulungu madzulo, batire imafa usiku, ndipo chizindikiro chake ndi kudzuka mwamtendere, dzuwa lili pankhope, ana a sukulu akubwerera kunyumba. Mwana akazula memori ya m'foni kuti akaikitse makanema kumsika, foni imasowa nyimbo ija n'kubwerera ku ti-ti-ti wa kufakitale. Tambala wa anansi naye satsata ndondomeko, amayamba 3 koloko, ndipo batani alibe.

Malire enieni a nyimbo zonsezi ndi akuti zimafewetsa kudzuka kokha, sabata imakhala yomweyo. Pa kafukufuku yense wa mlembi, mawu amene anamuimiritsa msanga koposa analibe gitala kapena kwaya. Anali "Odi kuno!" wa msungichuma wa banki mkhonde, 5 koloko isanakwane, kope lili m'manja. Mlembi anapezeka wavala, nsapato zili kuphazi, akutulukira khomo la kuseri, ndipo tsiku limenelo anafika ku ofesi mlonda asanatsegule geti.