Malangizo kwa Bwana Amene Mpando Wawakomera

Bwana, mwalamulira zaka 10 ndipo mukuona kuti dziko silingayende popanda inu. Vuto lanu ndi gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi, lomwe limati mtsogoleri asapitirire nthawi ziwiri zotsatizana. Musataye mtima. Malamulo omwewo amafotokoza momwe angasinthidwire, bola mudziwe khomo logogoda.

Yambani ndi kutsegula masamba akumapeto, kumene kuli mndandanda wa magawo otetezedwa. Gawo 196 limati chilichonse cha pamndandandawo, monga ufulu wachibadwidwe, sichisinthidwa pokhapokha anthu atavomereza pa riferendamu ndipo bungwe loyendetsa zisankho litatsimikizira Sipikala. Kumeneko musapiteko. Anthu ndi ambiri, ndipo nsalu zachipani sizingakwanire onse. Pali kampata kakuti aphungu angasinthe okha ngati Sipikala watsimikiza kuti kusinthako sikukhudza tanthauzo la malamulo, koma kamenekaka ndi kokonzera mawu olembedwa molakwika. Mimba ngati yanuyo siingadutsepo.

Mwayi wanu uli pa gawo 197. Zimene sizili pamndandanda zimangofuna magawo awiri mwa atatu a aphungu. Njira imeneyi ndi yopondedwa kale: m'chaka cha 1995 aphungu adafafaniza gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, ndipo mu 2001 adathetsa Seneti isanakhale pansi ngakhale tsiku limodzi. Pa nkhani zowachotsera minga pampando, aphungu sachedwa kugwirizana.

Koma phunzirani masamu, Bwana, chifukwa apa ndi pamene anzanu adagwera. Lamulo siliwerenga aphungu amene abwera tsikulo. Limawerenga onse oyenera kuvota. Phungu amene wadwala, amene galimoto yamufera panjira, kapena amene wathawira kuchimbudzi nthawi yovota itakwana, kwa inu ali ngati wakana. Pa 4 Julaye 2002, m'nthawi ya a Bakili Muluzi, phungu wa chipani chotsutsa, a Khwauli Msiska, adabweretsa bilu yochotseratu malire a nthawi yolamulira. Ovomereza adali 125, okana 59. Pa bilu wamba kumeneko ndi kupambana kovinira usiku wonse, koma apa padaperewera mavoti atatu ndipo biluyo idagwa. Atayesanso kumayambiriro kwa 2003, ndi bilu yongopempha nthawi yachitatu, manambala adakanabe ndipo nkhaniyo idafera m'mazira. Choncho werengani anthu anu madzulo, muwawerengenso m'mawa, ndipo amene akumwetulira kwambiri muwawerenge ngati theka. Lero Nyumba ya Malamulo ili ndi mipando 229, ndiye mukufunika anthu 153 okhala m'mipando yawo, ali maso.

Akakunyengererani kuti muitanitse riferendamu, funsani kaye a ku Zambia. Mu 2016 adavota zowonjezera maufulu m'malamulo awo, ovomereza adaposa okana kutalitali, koma zidakanika. Lamulo lawo linkafuna kuti ovomereza akwane theka la onse oyenera kuvota, ngakhale amene adakhala pakhomo tsikulo. Kwathu kuno amawerenga okhawo amene avota, koma musamve kukoma: amene mwawatopetsa ndi amene amalawirira pamzere.

Mukagona usiku muzithokoza kuti simudabadwire ku Amereka. Kumeneko mukapeza magawo awiri mwa atatu m'nyumba zonse ziwiri za malamulo, ulendo wangoyamba kumene, chifukwa muyeneranso kuvomerezedwa ndi zigawo 38 mwa 50. Zigawo 13 zokha, ngakhale zazing'ono, zitha kukuimitsani. N'chifukwa chake malamulo awo asinthidwa maulendo 27 okha, ndipo kusintha komaliza kudaperekedwa mu 1789 n'kuvomerezedwa mu 1992. Ndi shuga yanuyo, simungadikire.

Ku Jeremani ndiye musayerekeze kufunsirako ntchito. Malamulo awo a mu 1949 asinthidwa maulendo oposa 60, poti nyumba ziwiri zikagwirizana ndi magawo awiri mwa atatu zimatheka. Koma gawo 79 lidatsekeratu zinthu zina: ulemu wa munthu, ulamuliro wa demokalase, ndi kugawa mphamvu pakati pa boma lalikulu ndi zigawo. Zimenezi ngakhale aphungu onse atakweza manja ndi miyendo yomwe, sizisunthika. Olembawo adali atangoona momwe Hitler adagwiritsira ntchito voti ya aphungu mu 1933 kudzitengera mphamvu zonse, ndipo adatsimikiza kuti gulu lalikulu nalonso limapenga.

Pomaliza, musabweretse biluyo nokha. Pezani phungu wa chipani china aibweretse, inu muzinena pamsonkhano kuti simukufuna koma anthu akukukakamizani. Ikagwa, muuze atolankhani kuti demokalase yapambana, kenako muyambe kufunafuna wolowa m'malo amene mukuganiza kuti azikumverani. Amene adayesapo zimenezi mu 2004 angakufotokozereni bwino momwe zidathera.