Si kungodina kabatani, ankhoswe

Kuno kwa Chambe anthu amakhulupirira kuti wojambula ukwati ndi mlendo wamwayi amene amadya mpunga wa nkhuku kwaulere, kenaka nkulipidwanso. Ine ndine mmodzi wa amwayiwo, chilandirireni kamera kwa alamu anga a ku Joni. Thupi langa likadali ngati ndodo ya selefi, koma anthu akuti ndikulemera.

Tiyeni tiwerengere limodzi ukwati wa mwezi watha. Ankhoswe aakuchikazi anabwera nati, "Achimwene, ndi ka ukwati kakang'ono, maola atatu basi." Tinapangana K180,000, vidiyo ndi zithunzi. Usiku umenewo ndinauza mayi a kunyumba kuti ayambe kufunsa mtengo wa malata.

Maola atatu aja anayamba 5 koloko m'mawa ku saluni pa Chitakale, kumene mkwatibwi ankafuna kuti dziko lidzaone nsidze zake zikumatidwa. Kutchalitchi tinachedwa chifukwa galimoto ya akwati inali ikutsukidwa. Titatuluka, wina anati zithunzi zikakhala bwino ku Likhubula, phiri likuoneka kumbuyo. Phirilo linali litafunda mtambo, ndiye tinalidikira. Perekaniperekani ndiye anandimaliza: a emusi anaitana akuchimuna, akuchikazi, amvano, anzake a mkwati a kabaza, mpaka onse obadwa Lachiwiri. Ndinazimitsa kamera 6 koloko madzulo. Maola 13, ndipo nkhuku ndinangoiona pagalasi la kamera.

Koma maola amene amapha munthu ndi omwe ankhoswe saawaona. Pa maola 13 aja, zojambulidwa zenizeni zinakwana maola asanu, pafupifupi 55 GB, poti kamera yanga imadya ngati 11 GB pa ola. Ola lililonse la zojambulidwa limafuna maola anayi pa laputopu: kukopera, kuonera zonse, kudula pamene ndinajambula nsapato zanga, kugwirizanitsa mawu a abusa ndi milomo yawo, kutsitsa phokoso la sipika yomwe adiije anaiika pafupi ndi khutu langa. Amenewo ndi maola 20, osawerengera nthawi yomwe magetsi anathima vidiyo ili pa 93 peresenti ndipo ndinayambiranso. Mayi a kunyumba amati ndikuonera filimu. Filimu yake yomweyomweyo, ya azakhali akuponya ma K200.

Kupereka katundu nakonso ndi ntchito. Vidiyo ya maola awiri inatuluka yoposa 7 GB. Fulashi yambiri imabwera ili pa FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB ngakhale mpata utakhalapo wambiri. Mukaisintha kukhala exFAT fayilo imalowa, koma ma TV ena akale saiwerenga, ndipo foni imalira usiku: "Mwatipatsa fulashi yopanda kanthu!" Choncho ndinaidula pawiri, kutchalitchi payokha, kuholo payokha. Zithunzi pa WhatsApp muzitumize ngati dokyumenti, apo ayi zimafinyidwa, ndipo akakazitsukitsa nkhope ya mkwati imatuluka ngati phala. Kukwera kabaza kukasiya zonsezi ndi kudikira kuti banja lonse lionere, maola ena awiri.

Tsono masamu. Mnyamata wogwira kamera yachiwiri K30,000, kutsukitsa zithunzi K25,000, mafulashi awiri K24,000, kabaza K15,000, bandulo ndi kutchajitsa mabatire K16,000. Zonse K110,000. Yotsala K70,000, kugawa ndi maola 35, ndiye kuti K2,000 pa ola. Mnyamata wanga uja, yemwe anagwira maola 13 okha nkukagona, anapeza yoposa K2,300 pa ola. Bwana ndine.

Pano ndili ndi pepala, ndipo ndimaliwerenga mokweza ngati kalata ya amfumu. Mtengo ndi wa maola asanu ndi atatu, kuyambira pomwe ndafika, osati pomwe mkwatibwi wafika. Ola lililonse loonjezera ndi K10,000. Kukonza vidiyo kuli ndi mzere wakewake, kuti aone kuti kumalipiridwa. Theka la ndalama lilowe pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lisanafike, lotsalalo fulashi isanachoke m'thumba mwanga. Katundu amatuluka pakatha masabata atatu, kusintha ndi kamodzi kokha, ndipo mafayilo ndimasunga miyezi itatu, chifukwa hadi diraivi yanga si nkhokwe ya mudzi wonse. Za kusintha kamodzizi ndinaziika chifukwa cha apongozi ena omwe anafuna ndichotse mkazi wachiwiri wa amalume paliponse pomwe akuoneka, chonsecho mayiyo anavina patsogolo tsiku lonse.

Dzulo ndawerengera pepalali ankhoswe ena a chinkhoswe cha mwezi wamawa. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwaulemu, kenaka anati mdzukulu wawo ali ndi foni ya makamera atatu kumbuyo. Tagwirizana K120,000 ndi nanazi zisanu, ndipo akuti ndi ka chinkhoswe kakang'ono.