Wakwera Ndi Mnzathu, Thumba Lobooka N'lathu

Amene anandipeza ndikugula tomato pa Madziabango ndi a msungichuma a komiti yathu ya chisoni ndi chisangalalo. Moni sanapereke. Anangotulutsa kope, n'kunyambita chala, n'kutsegula tsamba limene linali ndi mayina athu tonse, dzina langa lili ndi kamtanda pambali.

"Aphunzitsi, mwatsala inu nokha. K5,000."

"Wamwalira ndani, madamu?"

"Palibe wamwalira. A depute akwezedwa, tsopano ndi a hedi."

Tomato ndinabweza. Ndiwo za tsiku limenelo zinali zamadzi ndi mchere, chifukwa munthu wina wapeza mwayi.

Tamvetsani bwino nkhaniyi. Pasukulu ina ya kuno kwathu tilipo aphunzitsi 16. Mmodzi ndiye waitanidwa ku mayeso a Teaching Service Commission, wakhoza, kalata yabwera. Ife 15 otsalafe, ena tinalowa ntchito pa PT4 ndipo tidzatuluka pa PT4 pomwepo, imvi zili mbuu. Nzeru zikadakhalapo, wokwerayo ndiye akanatigulira ife kanthu kopukutira misozi. Koma mwambo wa kuntchito umati amene malipiro ake akwera ndiye alandire, amene malipiro ake agona ndiye asonkhe.

Msonkhano wosankha mphatso unachitikira pansi pa mtengo wa mango, ndipo unatalika kuposa uja wokambirana chifukwa chimene ana a Sitandade 8 analepherera masamu. Tinayambira pa tinthu tating'ono ta patebulo. Wina anati cholembera chofiira, poti bwana amasayina kwambiri. Wina anati inki ya chidindo, ndipo ameneyu ananena zanzeru, chifukwa chidindo cha a hedi chimagwira ntchito kuposa a hediwo: makalata osamutsira ana, mafomu a mayeso, umboni wa kubanki. Inki ikauma amachiuzira mpweya wa m'kamwa asanadinde. Koma komiti inati inki ilibe ulemu, simungaikulunge m'pepala lonyezimira n'kuvina nayo.

Wina anatchula fulasiki. Fulasiki ndi mphatso yabwino kwa munthu amene ayambe kudya yekha. Vuto lake n'lakuti imauza anthu onse kuti mu ofesimo muli tiyi, ndiye mfumu ikabwera, a komiti ya sukulu akabwera, a PEA akatulukira pa njinga yamoto, onse maso amakhala pa fulasikiyo. Mwamupatsa mnzanu ngongole ya shuga ya chaka chonse. Wina anati tayi. Tayi wa pakaunjika ali ndi ngozi yake: munthu akhoza kumumanga monyadira n'kupita naye kumsonkhano ku TDC, n'kukapeza mlonda wavala mnzake wa mubelo lomwelo. Amayi anati tigulire chitenje akazi awo a bwana. Apa panabuka nkhani ya mtundu. Chabuluu ayi, chachikasu ayi, chofiira ayi, chokhala ndi tambala ndiye musayerekeze, chifukwa mkazi wa wogwira ntchito m'boma akavala mtundu wolakwika, pamsika amayamba kunong'ona kuti tadziwa tsopano kumene kukwezedwaku kwachokera. Titachotsa mitundu yonse ya zipani, tinatsala ndi chitenje chotuwa chonga phulusa, choyenera kumaliro.

A zaka zambiri pantchito, amene akupuma chaka chamawa, anati, "Ana inu, muguleni loko." Tinaseka, koma iwo sanaseke. Anati munthu akakhala hedi amasunga choko, mapepala a mayeso, ndi ndalama za chitukuko, ndipo amene amamubera ndi omwe amamuombera m'manjawa. Loko wabwino wa makiyi atatu ndi ambulera yolimba, basi, munthu mwamuthandiza. A msungichuma anati zimenezo n'zochititsa manyazi, sukulu yoyandikana nayo inagulira hedi wawo matiresi.

Mawu akuti matiresi atangomveka, msonkhano unapenga. Tinachoka patebulo n'kulowa kuchipinda kwa munthu. Wina anati bulangete la ku Joni, lolemera lija loti ukafunda sutembenuka. Wina anati mbale za galasi, zimene zimakakhala m'kabati mpaka ana adzakanganirane pa chuma cha masiye. Wina anati njinga yakapalasa, kuti bwana asamafike thukuta lili kamukamu kumisonkhano. Wina anati sola ndi batire. Mnyamata wina amene wangobwera kumene kuchokera ku koleji anati mbuzi, ndipo ali ndi malume ake ku Lirangwe amene angatigulitse motchipa. Lirangwe ali kumpoto kwa mzinda, njira ya ku Zalewa, ife tili mbali ino. Mbuziyo ikanafunika kudutsa Lunzu, kudutsa m'tauni, kusintha minibasi, kondakitala aliyense akuilipiritsa mpando wake. Ikanafika kuno itayenda kuposa ena mwa ife. Komanso mbuzi ya mphatso timaidziwa mathero ake: wolandirayo amachita manyazi, amaipha tsiku lomwelo, osonkha aja n'kudya ndalama zawo, iye n'kutsala ndi chikopa, ngongole ya mpunga ndi mbale zotsuka.

Zonsezi tinkakambirana palibe amene wafunsa kuti m'thumba muli zingati. Tiyeni tiwerengere limodzi, popeza a msungichuma sakonda kuwerengera pagulu.

Anthu 15 kusonkha K5,000 aliyense ndi K75,000. Atatu anati adzapereka mwezi ukatha, osanena kuti mwezi uti. Zatsala K60,000. Kukagula mphatso ku Limbe sangapite munthu mmodzi, akhoza kuba, ndiye anapita atatu kuti aziyang'anirana. Minibasi kupita ndi kubwera, aliyense K6,000, yonse K18,000. Anthu otumidwa sayenda ndi njala: tchipisi ndi zakumwa, K9,000. Pepala lokulungira, khadi ndi selotepi, K4,000. Ena anatumiza pafoni, ndiye yochotsera kwa ejenti, K2,000. Mayunitsi oimbira ife amene tinkachedwa kusonkha, K2,000, kutanthauza kuti ndinalipira ndekha kuti andikalipire. Zoziziritsa kukhosi za tsiku lopereka mphatso, K12,000. Zotsala zogulira mphatso yeniyeniyo ndi K13,000.

Kumeneko matiresi anathera panjira, njinga inaphwa, mbuzi inapulumuka. Nthumwi zathu zinazungulira masitolo a ku Limbe, zinauzidwa kuti mitengo ija munkaidziwa ndi ya kale, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zinabwerako ndi chinthu chimene komiti iliyonse m'dziko muno imabwera nacho ikasowa chogula: wotchi yapakhoma. Yapulasitiki, yamkombero wagolide, yopanda batire.

Ndikufuna ndinenepo za a msungichuma athuwa, chifukwa mtundu wawo uli paliponse, kuchipatala, kutchalitchi, ngakhale ku banki mkhonde. Ndi anthu amene amamva za kukwezedwa kwa munthu mwiniwake asanamve. Kope lawo lili ndi mizere yowongoka kumbali ya olowetsa, koma kumbali ya zotuluka inki imatha. Ukafunsa lisiti amati, "Aphunzitsi, ndiye kuti simukundikhulupirira?" ndipo wakuba umasanduka iweyo. Mwambi wawo ndi umodzi, kupatsa n'kuika. Ine ndakhala ndikuika kuyambira tsitsi lili lakuda. Ndinaika pa ukwati, ndinaika pa chinkhoswe, ndinaika pa kusamuka kwa anthu amene sindikumbukanso nkhope zawo. Kumene ndinaikako sindikudziwa ngati kuli mlonda. Tsiku lopereka mphatso iwo ndiwo amanyamula bokosi, amavina nalo pang'onopang'ono, amagwada, n'kunena kuti, "Bwana, kangachepe, ndinayesetsa." Ndinayesetsa! Ife 12 tili kumbuyo, tikuomba m'manja ndi njala.

Koma tsiku limenelo amene anandimvetsa chisoni ndi a hedi atsopanowo. Ndinawayang'ana akumasula selotepi mosamala kuti pepalalo akakutire kaundula. Anthu sadziwa kuti kalata yokweza munthu imayenda pa galimoto, ndalama zake zimabwera wapansi. Mwezi umatha, wina umatha, malipiro ali omwe aja, ukafunsa amati dikirani maariyasi. Chonsecho dziko lonse lamva kale kuti wakwera. Kumudzi ayamba kutumiza ana a alongo ake kuti adzaphunzire pano. Kutchalitchi amuika pa mndandanda wa alendo olemekezeka a pepa sande. Wogulitsa nyama sakumupatsanso ya theka, akuti bwana sagula theka. Wakatapila naye wamupatsa moni wa manja awiri. Pamwamba pa izo, mphatso yathuyo inafuna kuthokozedwa, ndiye anatiitanira kunyumba kwawo, akazi awo anapha nkhuku ziwiri, anagula mpunga ndi kireti ya zakumwa. Ndikawerengera, wotchi ya K13,000 inawadyera ndalama zoposa pamenepo katatu. Atatu aja a mwezi ukatha anafika moyambirira, mmodzi anabwera ndi mwana.

Ndiye amene mukufuna kusangalalira mnzanu wokwezedwa, imvani kwa ine amene ndinabweza tomato. Werengani ndalama musanatchule mphatso. Tumani munthu mmodzi, makamaka amene ali kale ndi ulendo wa kutauni, abwere ndi lisiti. Funsani akazi ake kapena amuna ake chimene chikusowa pakhomo, chifukwa iwo ndiwo amadziwa ngati m'nyumbamo muli kale mawotchi anayi. Ngati zonse zakanika, ikani ndalamazo mu envulopu, mulembe kuchuluka kwake kunja ndi zilembo zazikulu, kuti zisaonde panjira. Ndipo musanagule chinthu, dzifunseni kuti bwana akachigwiritsa ntchito, chikagwera pa ndani.

Funso lomalizali ife sitinadzifunse. Pamwambo paja a zaka zambiri aja anawalangiza a hedi kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, ndipo iwo anagwedeza mutu, maso ali ndi misozi, n'kulonjeza kuti sadzaiwala kumene achokera. Sanaiwaledi. Amakumbukira bwino lomwe amene amafika mochedwa Lolemba, amene amazemba Lachisanu masana, ndi njira ya kuseri kwa zimbudzi imene tinkadutsira limodzi.

Wotchi ija anaikhoma mu ofesi, pamwamba penipeni pa buku losayinira nthawi yofikira. Sabata yoyamba inalibe batire, inkangoloza 10:10 monga inachokera kusitolo, ndipo aliyense wolowa ankaoneka kuti wachedwa ndi maola atatu. Tinadandaula. A msungichuma anayendetsa kope, K500 aliyense, ya batire. Tsopano wotchiyo ikuyenda bwino kwambiri, imatsogola ndi mphindi zisanu. Ikangokwana 7:30 a hedi amatenga rula, n'kujambula mzere m'bukumo, ndipo wosayina pansi pa mzerewo amakafotokoza mu ofesi ataimirira. Mzerewo ndi wofiira. Cholemberacho ndinawagulira ndine, pandekha, mwamseri, kuti azindikumbukira.