Moni wa pakhomo la tchalitchi

Pali amayi ena amene amatsogolera kwaya kwathu, ndipo kwa miyezi 3 ndinkafuna kuwalankhula. Tsiku limene ndinalimba mtima ndinawapeza ali pakati pa anthu ofuna kuwapatsa moni, nduna za mvano zili uku, ana akukoka chitenje uko. Ndinagwira dzanja lawo ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji mayi?" Anayankha bwino. Kenako ndinafunsanso kuti, "Kaya kunyumba?" Atayankha, mawu anandithera, ndipo ndinayambiranso moni woyamba uja ngati wailesi yoduka tepi.

Moni wathu ndi wautali, choncho amanamiza munthu kuti ali ndi nkhani. Utatha, umangoima poyera.

Sabata yotsatira ndinadikira mpaka anthu atabalalika, iwo akulongedza mabuku a nyimbo m'katoni. Ndinanyamula katoniyo osapempha nkhani, n'kungofunsa chinthu chimodzi: chifukwa chake anatsitsa mawu a abambo pa nyimbo yachiwiri ija. Anaima, nandiyang'ana ngati kuti ndabweza ngongole yakale. Anafotokoza mpaka tinafika pa galimoto, kuti abambo atatu okha sangapikisane ndi amayi khumi ndi awiri ngati akuwa.

Sindinapemphe nambala ya foni. Munthu wopempha nambala tsiku loyamba amaoneka ngati mawa adzapempha ndalama ya feteleza. Ndinangotsazika ndisanawatopetse.

Lamulungu linalo anandiitana okha, koma ndi dzina la mkulu wanga.