Ine mlembi ndi timizati ta mitengo ya chimanga

Ulembi wa kopaletivi yathu kuno kumapiri a Dowa anandipatsa chifukwa choti ndimayenda ndi bolopeni m'thumba la malaya. Za masamu sanandifunse, inenso sindinaziyambe. Ndiye sabata yatha a wapampando ananditumizira chithunzi pafoni: tchati cha mitengo ya chimanga, timizati khumi ndi tiwiri, kamzati kalikonse mwezi wake. Pansi pake analembapo kuti, "A mlembi, Loweruka mutiuze ngati tigulitse kapena tisunge."

Chithunzicho anachijambula atapendeketsa foni, moti timizati ta kumanja tinkaoneka totalika kuposa tinzake. Ndinapendeketsa khosi mpaka mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndagonera mkono. Iwo ndiwo ananditsegula maso: kamzati sayeza ndi diso ayi, umatsata mzere wochokera pamutu pake mpaka pa nambala ya kumanzere. Mzerewo umapendekera limodzi ndi chithunzi, ndiye sunama. Chinanso n'kuwerenga mutu wa tchati. Chala cha wojambula chinaphimba theka la mawu, koma nditakulitsa ndinapeza kuti mitengoyo ndi ya kilogalamu imodzi, osati ndowa kapena thumba. Komanso inali mitengo yogulira chimanga pamsika, ngati ija a IFPRI amasindikiza mwezi ndi mwezi. Venda wobwera ndi sikelo pakhomo sapereka imeneyo, amayamba wachotsa ya mayendedwe ndi phindu lake.

Msampha waukulu uli pansi penipeni pa tchati. Ambirife timaganiza kuti timizati timayambira pa ziro, koma ena ojambula amadula miyendo kuti pepala likwane. Tiyerekeze kuti nambala ya pansi ndi K500, kamzati ka Meyi kafika pa K600, ka Januwale pa K900. Ka Meyi kakwera masitepe 100 okha, ka Januwale 400. Diso likuuzani kuti mtengo wakwera kanayi, ndipo ine, munthu wa maloto, ndinali nditagula kale malata ndi njinga yamoto m'mutu. Koma chotsani 600 pa 900, mutsala ndi 300. Gawani 300 ndi 600, mupeza theka. Mtengo wakwera ndi 50 peresenti basi. Pa thumba la makilogalamu 50, ndiye kuti kuchoka pa K30,000 kufika pa K45,000. Njinga yamoto ija inasanduka tayala limodzi.

K15,000 yapamwambayo nayonso si yanu yonse. Muchotsepo mankhwala a anankafumbwe kapena thumba la PICS, chimanga chopepuka chikamauma, ngolo yopita ku Mponela kapena ku Malomo, ndi chiwongoladzanja ngati mwakongola ku banki m'khonde podikira Januwale. Chotsalacho ndicho mungaimirire nacho pamaso pa anthu.

Mawonekedwe a tchati cha chimanga amadziwika ngakhale ndi agogo osapita kusukulu: mtengo umagwa tikamakolola, cha mu Epulo mpaka Juni, n'kukwera nthawi ya njala, Januwale ndi Febuluwale. Choncho kuuza alimi kuti chimanga chimadula mu Januwale n'kuwataitsa nthawi yakudimba. Chothandiza n'kuyerekeza Meyi wa chaka chino ndi Meyi wa chaka chatha. Pamenepanso chenjerani. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiye kamzati kotalika pambuyo pake sikatanthauza kuti mlimi walemera. Funsani kuti matumba angati a chimanga akugula thumba limodzi la feteleza.

Lipoti langa loyamba linali masamba atatu, kuyambira ndi mbiri ya ADMARC. Mayi a kunyumba atamva ndime yoyamba anati, "Bambo, anthu adzagona, ena adzapita kukamwetsa ng'ombe." Linatsala ziganizo zinayi. Choyamba chikunena komwe tchati chachokera, miyezi yake, ndi kuti mtengo ndi wa kilogalamu pamsika. Chachiwiri chikutchula mwezi wotsikitsitsa ndi wokweretsetsa, ndi mitengo yake pa thumba. Chachitatu chikunena phindu lotsala tikachotsa zolowa posunga. Chachinayi ndi chenjezo: tchati chimanena za dzulo, ndipo mvula ikagwa bwino kapena chimanga chikalowa chambiri kuchokera ku Zambia ndi Mozambique, kamzati ka mawa kakhoza kufupika.

Loweruka ndinawerenga zonsezo ndi mawu a munthu wophunzira. Gogo wina wa ku Ntchisi anakweza dzanja. "A mlembi, zonsezo tamva. Nanga fizi ya mwana mu Seputembala ilipiridwa ndi kamzati kati?" Msonkhano unagwirizana kuti aliyense apatule kaye chakudya cha banja, agulitse pang'ono pa zofunika msanga, chotsalacho tisunge pamodzi.

Alembi anzanga, akakutumizirani chithunzi chotere, musanayang'ane kamzati kotalika yambani mwaona nambala ya pansi, ndipo wojambulayo mumupemphe achotse chala.