Mpanda wa fodya ndimadana nawo ndikakhala kunja

Anthu amati ndine waulesi chifukwa ndinachedwa kulemera. Ine ndimati ndi lamulo, ndipo umboni ndili nawo.

Nthawi ya Kamuzu, chaka cha 1990 chisanafike, mlimi wa pa munda wa makolo sankaloledwa kulima fodya wa bale. Lamulo la mbewu zapadera linkapereka chilolezo ndi kota kwa eni maesiteti okha, a malo a lizi. Kuno ku Kasungu mayina anali Press Farming ndi General Farming. Iwo ankagulitsa ku okushoni, ife tinkalima chikopa n'kukachipereka ku ADMARC pa mtengo umene ADMARC yakonda. Ukalifunitsitsa bale, unkapita kukakhala tenanti: kulima ndiwe, kusoka ndiwe, koma belo likulembedwa dzina la bwana. Sikuti bwanayo ankaposa bambo anga khasu. Anali ndi pepala basi, ndipo pepalalo linkamuteteza kwa anthu ngati ife.

Kuyambira 1990 boma linayamba kupereka kota ku makalabu a alimi ang'onoang'ono. Tinavina. Ine ndinayamba kufunsiratu mtengo wa malata.

Ndiye ndinakumana ndi mpanda wachiwiri, wosalembedwa m'lamulo lililonse. Nazale umafesa dzuwa lili phwee, madzi ochita kutunga. Feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mitengo ndi udzu wa chigafa, aganyu osoka ndi kusankha, jeke yobwereka, ziguduli, galimoto yopita ku Chinkhoma, kuphatikizapo kulembetsa ku Tobacco Commission. Zonsezi umalipira msika usanatsegulidwe cha m'ma Epulo. Mlimi wakale chigafa ali nacho kale, jeke ndi yake. Watsopano amagula zonse chaka chimodzi, ndipo banki ikamufunsa chikole amaloza njinga. Za fodya wa fuluu sindinena, amafuna balani ya njerwa ndi nkhuni zoti ungaphikire maliro a mudzi wonse.

Kuchokera 2012 fodya wambiri amagulidwa pa kontirakiti. Kampani imakongoza zipangizo, inde, koma imakonda mlimi amene ikudziwa kale kuti amabweza. Kuti akudziwe uyenera kugulitsa, kuti ugulitse bwino uyenera kudziwika.

Ine ndinalowa ndithu, mokwawa, kudzera m'kalabu. Panopa nambala ndili nayo, chigafa chili njo kuseri kwa nyumba. Ndipo mukabwera ku msonkhano wa kalabu, amene amakuwa kwambiri kuti olima opanda chilolezo akuchulukitsa fodya n'kugwetsa mitengo ndine. Masamu ake ndi oona: masamba akachuluka, wogula amanyada.

Sabata yatha mphwanga anabwera kuti naye akufuna kuyamba.

"Malume, mundibwereke jeke chaka chino."

Ndinamufotokozera mwachikondi kuti fodya alibenso phindu, ayese soya. Jekeyo ndabisa kwa apongozi.